Kuphunzitsa AutoCAD kulemba manambala a mapuloti

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa pulani ya malo amene agawidwa mapuloti 180. Malire onse ajambulidwa kale, misewu ilipo, chatsala ndi kulemba nambala ya puloti iliyonse ndi kukula kwake. Aliyense wojambula mapulani amaidziwa ntchito imeneyi. Mumalemba AREA, kusankha malire, kuwerenga chiwerengero chimene chatuluka pansi pa sikirini, kuchisunga m'mutu, kulemba TEXT, kudina mkati mwa puloti, kulemba nambala, kenako kulembanso kukula kuja. Mukamaliza mumapita pa puloti yotsatira n'kuyambiranso. Palibe chovuta chilichonse, ndipo vuto lagona pomwepo. Mukamafika pa puloti ya 90 maganizo amakhala atapita kwina, nambala 94 imalembedwa kawiri, 95 imasowa, ndipo 612.5 imasanduka 621.5. Cholakwika chotere sichioneka msanga. Chimadzatulukira pulani itasindikizidwa kale, mwina itafika m'manja mwa mwini malo.

M'kati mwa AutoCAD muli chilankhulo chimene chinapangidwira ntchito ngati imeneyi. Dzina lake ndi AutoLISP. Chinalowa mu AutoCAD mu 1986, chitachokera ku XLISP ya David Betz, ndipo kholo la zonsezi ndi LISP imene John McCarthy anayambitsa mu 1958. Simufunika kugula kapena kuikamo china chilichonse. Kwa zaka zambiri AutoCAD LT inalibe chilankhulochi, koma kuyambira LT 2024 chilimo. Mapulogalamu ena ojambulira monga BricsCAD ndi ZWCAD nawo amamva LISP.

Mukhoza kuchiyesa pompano. Pamzere umene mumalembapo malamulo, lembani izi n'kudina Enter:

```
(* 20 30)
```

AutoCAD iyankha 600. Galamala yonse ya chilankhulochi yaonekera pamenepo: bulaketi yotsegula, dzina la chochita, zinthu zochitira, bulaketi yotseka. Chizindikiro chochulukitsa chimatsogola, manambala amatsatira. Chochita chimodzi chikhoza kukhala m'kati mwa chinzake, ndipo cham'kati ndicho chimayamba kugwira ntchito.

Njira yabwino yoyambira si kuwerenga buku la malamulo onse. Ndi kutenga pepala n'kuchita ntchitoyo kamodzi pamanja, mwapang'onopang'ono, uku mukulemba funso lililonse limene AutoCAD ikufunsa ndi yankho limene mukupereka. Pa lamulo la TEXT mupeza kuti mumayankha J posankha kaimidwe ka mawu, MC kuti akhale pakati penipeni, kenako malo, msinkhu wa zilembo, kupendekera kwake, ndipo pomaliza mawuwo. Mndandanda umenewu ndiwo pulogalamu yanu yoyamba. Tsegulani Notepad mulembe motere:

```
(defun c:NAMBALA (/ n malo)
  (setq n (getint "\nNambala yoyamba: "))
  (while (setq malo (getpoint "\nDinani mkati mwa puloti: "))
    (command "_.TEXT" "_J" "_MC" malo 2.5 "0" (itoa n))
    (setq n (1+ n)))
  (princ))
```

Mzere woyamba ukupanga lamulo latsopano. Zilembo `c:` patsogolo pa dzina ndizo zimachititsa kuti muzitha kulemba NAMBALA monga mumalembera LINE kapena TRIM. Mayina awiri amene ali pambuyo pa `/` ndi mosungira zinthu mongoyembekezera, ndipo kuwaika pamenepo kumatanthauza kuti lamulo likatha aiwalidwe, asakasokoneze pulogalamu ina imene ilinso ndi `n` wake. Mzere wachiwiri ukufunsa nambala yoyambira n'kuisunga mwa `n`. Kenako `while` akuti: malinga ngati munthu akudina malo, bwereza zimene zili m'munsimu. Zimenezo ndi kulemba nambala pamalo adinidwawo n'kuwonjezera 1 pa `n`. Mukadina Enter osasankha malo, `getpoint` sabweza kanthu, ndipo kubwereza kumatha. Ntchito ya `itoa` ndi kusandutsa nambala kukhala mawu olembeka, chifukwa kwa AutoLISP 94 wowerengera ndi "94" wolemba ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Sungani fayiloyo ndi dzina lothera ndi `.lsp`, ndipo pa Notepad musankhe All Files kuti isawonjezere `.txt` kumapeto. Musalembere mu Word, chifukwa imasintha zizindikiro zogwira mawu kukhala zopindika, zimene AutoLISP siizindikira. Mu AutoCAD lembani APPLOAD, sankhani fayiloyo, kenako lembani NAMBALA. Ikakana ndi uthenga wakuti `malformed list on input`, ndiye kuti pali bulaketi imene mwatsegula koma simunaitseke. Ikati `extra right paren on input`, zotseka zachuluka.

Pa pulani yanu lamuloli ligwira bwino, ndipo tsiku loyamba mudzasangalala nalo. Koma ine chimene ndimafuna wojambula aliyense amvetse chili patsogolo apa, chifukwa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi n'kunena kuti LISP ndi yosadalirika. Mukamagwira ntchito pamanja, maso anu amachita zambiri zimene simuzizindikira. Amawerenga funso musanayankhe, amaona mbewa ikakokeredwa pakona, amaona ngati malire ali ndi mpata. Pulogalamu ilibe maso. Zili ngati mwana amene mwamutuma kugolosale mutamuloweza mayankho: akakufunsa koyamba unene kuti sopo, kachiwiri unene kuti muwiri, kachitatu upereke ndalama. Wogulitsa akadumpha funso limodzi, mwanayo apitiriza kuyankha m'ndondomeko yake yomweyo, ndipo yankho lililonse ligwera pa funso lolakwika.

Izi zimachitikadi ndi lamulo lathu. Mnzanu akutumizirani pulani yake, inu n'kulemba NAMBALA, ndipo m'malo mwa 1, 2, 3, puloti iliyonse ikulandira 0 wopendekera pang'ono, uku pansi pa sikirini pakutuluka `Unknown command`. Chachitika n'chakuti sitayilo ya zilembo ya pulaniyo inapatsidwa msinkhu wokhazikika mu STYLE. Zikatero TEXT safunsanso za msinkhu. Choncho 2.5 uja wapita pa funso la kupendekera, "0" watengedwa ngati mawu oti alembedwe, ndipo nambala yeniyeni yafika lamulo litatha kale, AutoCAD n'kuiyesa dzina la lamulo limene silidziwa. Mukaona zilembo zopendekera ndi madigiri ofanana ndi msinkhu umene munafuna, musafufuze kwina, yang'anani sitayilo.

Vuto lachiwiri ndi lobisika kuposa apa. Tinene kuti mwawonjezera mzere woti kukula kwa puloti kulembedwe mamita 4 pansi pa nambala, malo ake mutachita kuwerengera. Malo aliwonse operekedwa kudzera mwa `command` amakokedwa ndi OSNAP ngati mmene zimakhalira mukamadina ndi mbewa. Kabokosi kamene OSNAP imafufuzira kamayezedwa pa sikirini, osati pa nthaka. Mukayandikitsa pulani, kabokosiko kamaphimba malo ochepa ndipo zonse zimakhala bwino. Mukaitalikitsa kuti muone mapuloti onse, kabokosi komweko kamaphimba mamita ambiri, kamapeza kona ya puloti, ndipo mawu anu amakathera pakonapo. Chizindikiro chake ndi chimenechi: pulogalamu yomweyo, pulani yomweyo, m'mawa inagwira bwino, masana yasokoneza, ndipo chasintha ndi ZOOM yokha. Mankhwala achangu ndi kuika `"_non"` patsogolo pa malo aliwonse amene mukupereka. Ena amazimitsa OSMODE poyamba n'kuibwezera pomaliza, koma munthu akadina Esc pakati, pulogalamu imaima isanabwezere, ndipo amatsala akudabwa kuti OSNAP yake yapita kuti.

Njira imene ndimaikonda ndi kusiyiratu kuyankha mafunso a TEXT. AutoCAD imasunga chinthu chilichonse chojambulidwa ngati mndandanda wa manambala ndi zimene akuimira. Kuti muone, lembani `(entget (car (entsel)))` n'kudina mawu aliwonse pa pulani. Mudzaona 0 akutchula mtundu wa chinthu, 8 leya, 10 malo, 40 msinkhu, 1 mawu enieniwo. Ngati tingawerenge mndandandawu, tingathenso kuulemba tokha n'kuupereka kwa `entmake`, amene amaika chinthucho mu pulani mwachindunji, popanda funso lililonse.

```
(defun lemba (malo h mawu / p)
  (setq p (trans malo 1 0))
  (entmake (list '(0 . "TEXT") '(8 . "MANAMBALA")
                 (cons 10 p) (cons 11 p) (cons 40 h)
                 (cons 1 mawu) '(72 . 1) '(73 . 2))))
```

Apa 72 ndi 73 pamodzi akuchita zimene MC ankachita, kuika mawu pakati, ndipo 11 ndi malo amene kaimidweko kakutsamira. Leya ya MANAMBALA ikakhala kuti palibe, AutoCAD iipanga yokha, choncho manambala sadzagweranso pa leya ya misewu chifukwa choti ndiyo inali yotsegula. Sitayilo yokhala ndi msinkhu wokhazikika ilibenso mphamvu, OSNAP nayo siikhudza malo owerengeredwa, ndipo palibe chimene tasintha chofunika kubwezera munthu akadina Esc. Mzere wa `trans` uli ndi chifukwa chake. Ambiri amatembenuza UCS kuti igwirizane ndi msewu. Malo amene `getpoint` amabweza amayezedwa pa UCS imene ilipo, pamene `entmake` amayembekeza malo oyezedwa pa World. Popanda `trans`, pa pulani yotembenuzidwa manambala amakagwera kutali ndi mapuloti, nthawi zina kunja kwa sikirini, inu n'kumaganiza kuti sanalembedwe. Onaninso kuti `lemba` alibe `c:`. Si lamulo loti muzilemba inu, ndi wothandizira amene malamulo ena azimuitana.

Msinkhu `h` tausiya kuti uziperekedwa, chifukwa umadalira sikelo. Zilembo za mamilimita 2.5 pa pepala, pa pulani yojambulidwa m'mamita, zimafuna msinkhu wa 2.5 ngati sikelo ndi 1:1000, ndipo 1.25 ngati ndi 1:500. Masamu ake ndi 2.5 kuchulukitsa ndi sikelo, kugawa ndi 1000. Apa pali msampha umene umakola pafupifupi aliyense woyamba kumene. Lembani `(/ 500 1000)` muone. Yankho ndi 0, osati 0.5. AutoLISP ikagawa manambala awiri athunthu imabwezanso nambala yathunthu, zotsala n'kutaya. Pa 1:1000 ndi 1:2000 simudzaona vuto, chifukwa mayankho ndi 1 ndi 2. Pa 1:2500 yankho lidzakhala 2 m'malo mwa 2.5, zilembo n'kuchepa pang'ono popanda wozindikira. Pa 1:500 msinkhu udzakhala ziro. Kulemba `1000.0` m'malo mwa `1000` kumathetsa zonsezi, chifukwa nambala imodzi ikakhala ndi kadontho, yankho limasunga zotsala.

Tsopano kukula kwa puloti. Lamulo la AREA likayeza chinthu limasiya yankho m'malo osungira otchedwanso AREA, ndipo `(getvar "AREA")` amakalitenga kumeneko, lonse, osadula. Diso ndi chala zachoka pakati, choncho 612.5 sangasandukenso 621.5. Koma pali china chimene diso lanu linkachita. AREA ikapatsidwa polilaini yosatseka siidandaula. Imangoyerekeza mzere wowongoka kuchokera pothera kufika poyambira n'kuyeza chimene chatsekeredwa. Tengani puloti ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, imene kukula kwake ndi masikweya mita 600. Ngati wojambula anakoka polilaini mbali ziwiri zokha, mbali zinazo n'kudalira mizere ya puloti yoyandikana nayo, pa sikirini puloti ioneka yathunthu, koma AREA iyeza makona atatu n'kupereka 300. Pamanja mukanadabwa kuona 300 pakati pa mapuloti a 600. Pulogalamu ilemba 300 mwaukhondo, pakati penipeni, m'zilembo zofanana ndi zina zonse. Ichi ndicho choopsa chenicheni cha ntchito yodzichitikira yokha, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kuipatsa njira yofufuzira isanalembe.

```
(defun yotseka (e / d)
  (setq d (entget e))
  (and (= (cdr (assoc 0 d)) "LWPOLYLINE")
       (= 1 (logand 1 (cdr (assoc 70 d))))))
```

Wothandizira uyu akufunsa mafunso awiri. Kodi chimene chadinidwa ndi polilaini, osati mzere wamba kapena mawu? Nanga ndi yotseka? Yankho lachiwiri lili pa nambala 70. Polilaini yotseka imakhala ndi 1 pamenepo, koma nambala yomweyo imasunganso zina, moti mukhoza kupezapo 129, amene ndi 128 kuphatikiza 1. N'chifukwa chake tagwiritsa ntchito `logand`, amene amayang'ana ngati 1 uja alimo, zinazo osazilabadira. Dziwani kuti polilaini imene mathero ake anangogundanitsidwa ndi poyambira, popanda kusankha Close, idzakanidwa ngakhale ikuoneka yotseka. Ndibwino kuti ikanidwe. Kuikonza ndi PEDIT kapena pa Properties n'kwachangu, ndipo mumatsala ndi malire amene mukuwakhulupirira.

Zonse zikakumana, lamulo lathunthu likhala lotere, m'fayilo imodzi ndi othandizira awiri aja:

```
(defun c:PULOTI (/ n h e malo)
  (setq n (getint "\nNambala yoyamba: ")
        h (* 2.5 (/ (getint "\nSikelo 1:") 1000.0)))
  (while (setq e (car (entsel "\nSankhani malire: ")))
    (cond
      ((not (yotseka e)) (alert "Malire awa sanatsekedwe."))
      ((setq malo (getpoint "\nNambala ikhale pati? "))
       (command "_.AREA" "_O" e)
       (lemba malo h (itoa n))
       (lemba (polar malo (* 1.5 pi) (* 1.6 h)) h
              (strcat (rtos (getvar "AREA") 2 1) " m2"))
       (setq n (1+ n)))))
  (princ))
```

Tiyeni tiliyendetse pa puloti ya 20 ndi 30 ija. Mwalemba PULOTI, nambala yoyamba 1, sikelo 500. Msinkhu watuluka 1.25. Mwadina malire, `yotseka` wavomera, mwadina pakati pa puloti. Nambala 1 yalembedwa pamenepo. Kenako `polar` akuwerengera malo ena kuchokera pa oyambawo, kulowera pansi, mtunda wa 1.6 kuchulukitsa ndi 1.25, amene ndi mamita 2. Kulowera pansiko kwalembedwa `(* 1.5 pi)` chifukwa AutoLISP siyeza ngodya m'madigiri koma m'marediyani, mmene `pi` ndi madigiri 180, choncho 270 ndi `pi` mmodzi ndi theka. Mukalemba 270 mwachindunji siikana, ingoponya mawuwo mbali ina. Pomaliza `rtos` akusandutsa kukula kukhala mawu, 2 akutanthauza manambala a kadontho, 1 akutanthauza nambala imodzi pambuyo pa kadontho, ndipo `strcat` akulumikiza ndi m2. Pa pulani pakuoneka 600.0 m2. Mukaona 600 m2 wopanda ziro wakumapeto, chachititsa ndi DIMZIN ya pulaniyo, imene `rtos` amaimvera. Puloti yotsatira ilandira 2. Malire osatseka akadinidwa, uthenga utuluka ndipo nambala siisuntha, choncho palibe imene idumphidwe. Mapuloti 180 asanduka kudina ka 360, popanda kulemba chiwerengero ngakhale chimodzi.

Mukafuna mahekitala, gawani kukulako ndi `10000.0` n'kupempha manambala 4 pambuyo pa kadontho, ndipo 600 akhala 0.0600. Ngati pulani inajambulidwa m'mamilimita, monga amachitira ambiri ojambula nyumba, puloti yomweyo ituluka 600000000.0, ndipo muyenera kugawa ndi `1000000.0`, msinkhu wa zilembo nawo osaugawanso ndi 1000. Pulogalamu siidziwa kuti 1 wa pulani yanu ndi mita kapena milimita. Choncho musanayambe pa pulani ya eni, yezani ndi DIST mbali imodzi imene mukuidziwa kutalika kwake.

Lamuloli lili ndi malire ake, ndipo ndibwino kuwadziwa. Mukaphonya mzere podina, `entsel` sabweza kanthu ndipo lamulo limatha ngati mwadina Enter. Mumangoliyambitsanso kuchokera pa nambala imene munalekezera. Mukadina Enter pa funso la sikelo osalemba kanthu, mudzaona `bad argument type: numberp: nil`, kutanthauza kuti masamu alandira chopanda kanthu m'malo mwa nambala. Chachikulu kuposa izi n'chakuti mawu olembedwawo ndi akufa. Mawa bwana akati msewu ukule ndi mamita 2, inu n'kusuntha malire ndi STRETCH, 600.0 m2 uja akhalabe pomwepo akunena zakale. Mapuloti okhudzidwawo muyenera kuwafufuta mawu n'kuwalembanso, ndipo ngati pulani ndi yosinthasintha, FIELD yomangiriridwa ku polilaini ndiyo yoyenera kuposa njira iyi. Komanso chiwerengero chimene chatuluka ndi kukula kwa chojambula, osati kwa nthaka. Chimakhala choona ngati makona anajambulidwa pa manambala enieni a saveya.

Pulogalamu yolowetsedwa ndi APPLOAD imakhala mu pulani imene yatsegulidwayo basi. Kuti izipezeka nthawi zonse, pa zenera lomwelo la APPLOAD pali Startup Suite. Dinani Contents n'kuwonjezera fayilo yanu. Kuyambira AutoCAD 2014 mudzalandira chenjezo ngati fayiloyo ili mu foda imene AutoCAD siikuikhulupirira. Ambiri amathamangira kuika SECURELOAD pa 0 kuti chenjezolo lisiye kuwavutitsa. Chonde musatero. Chenjezoli linabwera chifukwa pali mavairasi olembedwa m'chilankhulo chomwechi, amene amabisala m'mafayilo otchedwa `acad.lsp` kapena `acaddoc.lsp`, mayina amene AutoCAD imawafunafuna n'kuwalowetsa yokha. Amayenda m'mafoda a mapulani, ndipo kumene anthu amapatsirana ntchito pa fulashi amafala msanga. Pangani foda imodzi ya mapulogalamu anu, muionjezere pa Trusted Locations mu OPTIONS pansi pa Files, ndipo mukapeza fayilo ya mayina amenewa mu foda ya pulani imene mwalandira, muitsegule ndi Notepad kapena muichotse musanatsegule pulaniyo.

Musanalikhulupirire lamulo latsopano pa ntchito yeniyeni, liyeseni pa kope ya pulani imene munaimaliza kale pamanja. Sankhani dala mapuloti ovuta: yokhala ndi mbali yokhota, yaing'ono kwambiri, ina muitsegule malire mwadala, ina muidine mutatalikitsa pulani yonse. Yerekezani zotuluka ndi zimene munalemba kale. Zikasiyana, yezaninso puloti imeneyo ndi LIST musanasinthe mzere uliwonse wa pulogalamu, chifukwa nthawi zambiri chimene chapezeka ndi chiwerengero chakale chimene chinalembedwa molakwika pamanja.